Fuwa Lachitatu: Kupeza Mfundo Yobisika m'Zonena za Anthu pa Ngozi ya ku Michesi

Pa 10 Malichi 1991, tsiku Lamulungu, madzi osakanikirana ndi matope, mitengo ndi miyala ikuluikulu anatsika m'phiri la Michesi nagwera pa Phalombe ndi midzi yoyandikana nayo. Nyumba, minda, misewu ndi milatho zinakokoloka. Anthu mazanamazana anafa, ndipo ena mitembo yawo sinapezeke. Masiku amenewo Phalombe anali mbali ya boma la Mulanje, pakuti anakhala boma payekha mu 1998. Patapita zaka 32, m'mwezi womwewo wa Malichi mu 2023, namondwe wa Freddy anabweretsanso zoterezi, ndipo dera la Nkhulambe linali limodzi mwa madera amene anasakazika koposa.

Ngozi yotere ikapita, anthu amatsala akulankhula. Amafuna kudziwa chimene chinaibweretsa, ndiponso ngati nkwabwino kumanganso pamalo akale. Mphunzitsi amene boma lidzamtumiza ku sukulu za kutsinde kwa phiri adzamva zonena zimenezi pamaliro, pamsika ndi pamsonkhano wa makolo, ndipo ana adzabwera nazo m'kalasi namfunsa ngati nzoona. Pamenepo adzafunika luso limodzi limene silivuta kuliphunzira, koma limavuta kulikumbukira pamene mtima watentha: kupeza mfundo imene wolankhula waitsamira osaitchula, ndi kuyesa ngati chigamulo chake chikutulukadi m'zifukwa zimene wapereka.

Munthu akamatsimikizira anzake kanthu, mawu ake amakhala ndi mbali ziwiri. Pali zifukwa, ndiye zinthu zimene akuti nzodziwika kale, ndipo pali chigamulo, ndiye chimene akufuna kuti omvera avomere chifukwa cha zinthuzo. Kawirikawiri chigamulo chimatsogozedwa ndi mawu akuti "choncho", "chotero" kapena "ndiye kuti". Chigamulo chili ngati mphika, zifukwa ndiwo mafuwa. Munthu wokhala pakhomo la khitchini amaona mafuwa awiri okha, lachitatu labisika kuseri kwa mphika. Koma mphikawo ukakhala chilili, iye amadziwa kuti fuwalo lilipo. Nzotero ndi zonena za anthu. Palibe munthu amatchula zonse zimene akutsamira, ndipo kutero si chinyengo ayi, pakuti kukambirana kukadakhala kotopetsa. Vuto nlakuti fuwa losaonekalo ndilo limene palibe amaliyang'ana, ndipo nthawi zina limapezeka kuti ndi chibuluma cha dothi.

Chonena choyamba ndi cha Napolo. Anthu a kumapiri a Zomba ndi Mulanje akhala akunena kuyambira kale kuti pansi pa phiri pamakhala chinjoka, ndipo chikamasamuka kupita kunyanja chimagumula nthaka ndi kukokolola zonse za m'njira yake. Wokhulupirira zimenezi salankhula mopanda nzeru. Amati: "Mvula imagwa chaka ndi chaka, koma phiri siligumuka chaka ndi chaka. Choncho si mvula inachita zimenezi." Zifukwa zake ziwirizo nzoona, ndipo palibe angazikane. Tsono funso nlakuti: payenera kuwonjezedwa chiganizo chotani kuti chigamulocho chiime? Chiganizocho ndi ichi: "Mvula ya chaka chilichonse njofanana, kotero chimene mvula ina yalephera, inanso singachichite." Imeneyo ndiyo mfundo yobisika. Chizindikiro chakuti yapezeka yeniyeni nchakuti ikachotsedwa mphika ugwa: ngati mvula ya zaka zina imaposa ya zaka zina kutalitali, kusagumuka kwa phiri m'zaka zambiri sikukunena kanthu za chaka cha ngozi.

Mfundo ikatulutsidwa poyera chotere, imayesedwa monga chonena china chilichonse. Pa nthawi ya Freddy, ku Nkhulambe kunagwa mvula yopitirira mamilimita 1,000 m'masiku anayi okha, imene ndi mvula yoti madera ambiri a m'zigwa za Malawi amailandira m'chaka chathunthu, ena osaifikira nkomwe. Mwana wa Sitandade 7 angathe kuwerengera tanthauzo la nambalayi. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, ndipo lita ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Chotero mamilimita 1,000 ndi makilogalamu 1,000 a madzi pa kamalo kongokwana mphasa yaing'ono. Dothi la m'phiri nlochepa, lokhala pamwamba pa thanthwe lotsetsereka. Likakhuta madzi limalemera, ndipo madzi amene alowa pakati pa dothi ndi thanthwe amachepetsa kugwirana kwake, mpaka chigawo chonse chimatereka nichigwera m'khwawa. Mvula ya masiku onse sifika pamenepo, chifukwa madzi amapeza nthawi yotuluka.

Apa pali malo amene aphunzitsi achinyamata amaterereka. Ataona kuti fuwa lachitatu laphwanyika, amathamangira kunena kuti atsimikiza kuti Napolo kulibe. Sanatsimikize zimenezo. Chimene chaoneka nchakuti zifukwa zija sizikwanira kuchotsa mvula pa mlandu. Chigamulo chingathe kukhala choona ngakhale zifukwa zake nzofooka, ndipo chingathe kukhala chabodza ngakhale wochinena ndi munthu wolemekezeka. Kuyesa kumeneku kumangonena ngati zifukwazo zikuchinyamula. Wokhulupirira akayankha kuti Napoloyo ndiye amabweretsanso mvula, ndiye kuti wasiya chonena chake choyamba, chakuti si mvula, natenga china chimene palibe chochitika chingachitsutse. Pamenepo kuyesa kwatha, ndipo mphunzitsi wanzeru sapitiriza kukangana ndi agogo a ana ake. Ayenera kuzindikiranso kuti akuluakulu amene amasimba za Napolo anaona bwino zambiri: mkokomo umene umamveka madzi asanafike, ndi mpita woonekeratu umene umatsala m'phiri, nzenizeni zimene wina aliyense wopenda mapiri amazivomereza.

Chonena chachiwiri ndi cha anthu ophunzira, ndipo pa chifukwa chimenecho nchoyenera kuchiyang'anitsitsa, pakuti munthu safufuza msanga mawu amene amamveka ngati a m'buku. Chimati: "Kale m'phiri munali mitengo yambiri. Anthu aidula, aotcha makala, alima m'matsitso. Phiri lagumuka. Choncho kudula mitengo ndiko kunabweretsa ngozi, ndipo mitengo ikabwerera phiri silidzagumukanso." Choyamba chofunika kuona nchakuti muno muli zigamulo ziwiri zomangidwa mtolo umodzi, china chonena za kale, china cholonjeza za m'tsogolo. Zonse ziwiri zatsamira mfundo imodzi yosatchulidwa: "Phiri lokhala ndi mitengo siligumuka."

Mfundo ya mtundu uwu, yonena kuti chinthu sichichitika konse, imayesedwa pofunafuna chitsanzo chimodzi chokha chotsutsana nayo. Chitsanzocho sichili kutali. Mu Disembala 1946 ku Zomba kunagwa mvula ya mainchesi pafupifupi 28, ndiye mamilimita oposa 700, m'tsiku limodzi ndi theka. Phiri la Zomba linagumuka, madzi ndi miyala zinaononga milatho ndi nyumba m'tauni imene inali likulu la dziko, ndipo anthu anafa. Ndiyo ngozi imene inatchukitsa dzina la Napolo m'nyimbo za masiku amenewo. Komatu phirilo linali kale nkhalango yotetezedwa ndi boma, ndipo anthu m'dziko anali ochepa kwambiri kuyerekeza ndi lero. Ngati phiri la mitengo linagumuka mu 1946, mfundo ija njabodza, ndipo lonjezo lakuti mitengo idzathetsa ngozi latsala lopanda pokhala.

Chifukwa chake nchomveka. Mizu ya mitengo imagwira dothi lapamwamba, makamaka la mita imodzi kapena awiri. Pamene dothi latereka pamalire ake ndi thanthwe, kunsi kwa mizu, mtengo umapita pamodzi ndi dothilo, uli chiimire. Ndipo mitengo yozukayo ikafika pamalo opanikizika m'khwawa imapingasa, miyala ndi matope ziunjikana kumbuyo kwake, madzi adikha kanthawi, kenaka chotchingacho chiphulika nthawi imodzi.

Kodi tsono kubzala mitengo nkwachabe? Iyayi. Wophunzira amene angatuluke m'nkhani ino ndi ganizo limenelo wagwa m'dzenje lomwe lija, lotaya chigamulo chonse chifukwa fuwa limodzi lasweka. Pali ziganizo zitatu zimene zimamveka ngati chimodzi koma nzosiyana. China chikuti kudula mitengo kumawonjezera ngozi. China chikuti popanda kudula mitengo ngozi sikadachitika. Chinanso chikuti kubzala mitengo nkokwanira kuletsa ngozi. Choyambacho nchoona, pakuti mitengo imachepetsa liwiro la madzi, imaletsa kukokoloka kwa nthaka, ndipo pa mvula yamphamvu koma yosafika pa ya Freddy imasunga malo amene akadagumuka. Chachiwiri chimafuna umboni wa malo enieni: zipsera za m'phiri zinayambira pati, pamene panali polimidwa kapena pamwamba pamene khasu silinafike? Chachitatu ndicho chatsutsidwa ndi Zomba. Wolankhula uja anali ndi umboni wa choyamba, koma anagamula chachitatu. Kusiyanaku si kwa mawu chabe. Mudzi umene wauzidwa kuti mitengo idzauteteza ungabzale mbande zikwi zambiri nugona tulo pakamwa pa khwawa.

Chonena chachitatu ndicho chili ndi moyo wa anthu m'kati mwake, ndipo mphunzitsi angachimve pa tsiku limene makolo akusankha malo omangapo chipinda chatsopano chophunziriramo kapena nyumba ya aphunzitsi. Mkulu wina, amene anaona zonse ndi maso ake, adzati: "Mu 1991 madzi sanafike pano. Nyumba yanga inatsala, inu nonse mukudziwa. Choncho pano mpabwino." Chifukwa chake nchimodzi, ndipo nchoona. Palibe angamuuze kuti akunama. Koma pakati pa "sanafike" ndi "mpabwino" pali mtunda, pakuti liwu loyamba likunena za tsiku limodzi lapitalo, lachiwiri likunena za masiku onse akudza. Chowolotsa pamtundapo ndi mfundo iyi: "Madzi akadzabweranso adzadzera njira yomwe ija, ndipo sadzaposa a tsiku lija."

Posankha mawu a mfundo yobisika pamafunika chilungamo. Nkosavuta kumuika munthu mawu opusa m'kamwa, monga kunena kuti mkuluyo akuganiza kuti mvula sidzagwanso, kenaka nkumuseka. Iye sakuganiza zimenezo. Lamulo nlakuti munthu asankhe mfundo yaing'ono koposa imene ingakwanire kunyamula chigamulo, imene mwini mawu ataimva angati, "Eya, ndi zimene ndikutanthauza." Ndipo njira yabwino yodziwira ndiyo kumfunsa mwaulemu: "Kodi bambo, mukutanthauza kuti madzi akadzabweranso adzatsata mpita wakale?" Iye mwina adzayankha ndi mwambi, kuti madzi saiwala khwawa.

Mwambiwo ngwoona, koma uli ndi fuwa lakelake lobisika: khwawa lake liti? Wounena akuyesa kuti khwawa ndi limodzi, limene likuoneka lero. Kutsinde kwa phiri sizili choncho. Matope ndi miyala zikatuluka m'phiri nizifika pamene nthaka yayamba kuyala, liwiro limachepa, ndipo miyala ikuluikulu imaima pomwepo nitseka njira yake yomwe. Zimene zikubwera m'mbuyo zimapatuka, kumanja kapena kumanzere, nizikumba njira yatsopano. Zikachitika choncho kambirimbiri, pa zaka mazana ndi zikwi, pakamwa pa khwawa pamapangika malo otambasuka ngati chikhatho chotanyula zala, ndipo chala chilichonse chinakhalapo njira ya madzi pa nthawi yake. Makwawa ena akale anakwiririka, anthu nalimapo chimanga ndi nandolo. Madzi sawaiwala amenewonso. Ndipo ngozi ya 1991 yomweyo, pounjika miyala m'njira imene inadzera, ingathe kukhala itakonzera ngozi yotsatira njira ina.

Umboni woyesera mfundoyi uli m'minda momwemo. Munthu woyenda kutsinde kwa Michesi kapena kwa Mulanje amaona miyala ikuluikulu, ina yoposa nkhokwe, ili yokhayokha pakati pa mizere, kutali ndi phiri. Palibe munthu anainyamula. Ina inagubuduzika yokha kuchokera kumaphedi, koma imene ili kutali, pamalo oyala, ndiponso yondandana ngati mzere, inabwera ndi matope. Ngati pamalo amene akuti mpabwino pali miyala yotere, imene inalipo kale 1991 isanafike, ndiye kuti madzi anafikapo nthawi ina imene palibe wamoyo akuikumbukira. Pamenepo chifukwa cha mkulu uja chikhalabe choona, koma chigamulo chake chagwa. Ndi momwe munthu amadziwira kuti chigamulo sichituluka m'zifukwa: pamene angathe kusonyeza, kapena kufotokoza momveka, mmene zifukwa zonse zingakhalire zoona chigamulo chili chabodza.

Palinso china chimene chimabisala m'chonena chimenechi, chovuta kuchinena pamaso pa anthu olira. Amene akulankhula pamsonkhanopo ndi amene anatsala. Chaka cha 1990, munthu wa m'mudzi umene unakokoloka akadatha kunena mawu omwewo ndi mtima wonse, kuti makolo ake anakhala pamenepo osaona kanthu, choncho mpabwino. Zifukwa zake zikadakhala zoona ndithu. Kaganizidwe kamene kanali m'kamwa mwa opulumuka ndi mwa otayika mofanana sikangakhale kamene kanasiyanitsa malo abwino ndi oipa.

Kuyesa sikuthera pa kugwetsa. Mfundo yobisika ikapezeka yofooka, ntchito yotsatira ndiyo kufunsa kuti pangafunike zifukwa zotani kuti chigamulo chiime, ndiponso kuti chichepetsedwe motani. Munthu atanena kuti malowo ali pamtunda wokwera kuposa makwawa a mbali zonse ziwiri, kuti sali moyang'anizana ndi pakamwa pa khwawa, kuti palibe miyala yobwera ndi madzi, ndiponso kuti madzi sanafikepo mu 1991 ngakhale mu 2023, zifukwa zake zikhala zolimba. Ngakhale apo, chigamulo choyenera nchakuti ngozi pamenepo njochepa kuposa pena, osati kuti palibe. Liwu lakuti "njochepa" limasiya malo oti anthu akonzeretu kothawira ndi kumvera machenjezo a zanyengo, pamene lakuti "mpabwino" limatseka nkhani.

Nthawi zina, mphunzitsi atafunsa mofatsa, adzapeza kuti chimene chabisika si chikhulupiriro konse koma kusowa. Phalombe ndi boma la anthu ambiri ndi malo ochepa. Munthu amene akuti "pano mpabwino" mwina akudziwa bwino lomwe kuti sipabwino, koma munda wake, manda a makolo ake ndi chitsime zili pomwepo, ndipo kwina kulibe womupatsa malo. Chifukwa chimene watchula si chimene chikumugwira. Kumutsutsa pa za njira ya madzi kungakhale kupambana mkangano umene iye sanali kuuchita. Funso loyenera pamenepo nlakuti: "Mukadapatsidwa malo ena pamtunda, pafupi ndi munda wanu, mukadakhalabe pano?" Akati ayi, ndiye kuti nkhani yeniyeni ndi ya malo, ndipo njofunika kupita nayo kwa amfumu ndi ku khonsolo.

Chichewa chili ndi timawu timene timasonyeza pamene fuwa labisika, ndipo wophunzira chiyankhulo ayenera kutitchera khutu. "Paja" amaika chinthu patsogolo ngati chogwirizana kale: "Paja madzi amadzera uko." "Nanga si" amasandutsa mfundo kukhala funso limene munthu achita manyazi kulikana: "Nanga si mitengo inatha?" Mwambi nawo umagwira ntchito yomweyo mwamphamvu koposa, chifukwa woutsutsa amaoneka ngati akutsutsa makolo. Ngakhale kachidutswa kakuti "-nso" kamanyamula katundu: wonena kuti "siligumukanso" wavomereza kuti linagumuka, koma wonena kuti "mwadulanso mitengo" waweruza kale kuti munthuyo anadulapo, mlandu usanazengedwe. Timawu timeneti si toipa. Timangosonyeza pamene wolankhula sakuyembekeza kufunsidwa.

M'kalasi, ana a Sitandade 6 mpaka 8 angathe kuchita ntchitoyi m'phunziro la Chichewa. Mphunzitsi alembe chifukwa pamwamba pa bolodi, chigamulo pansi, nasiye mpata pakati, ndipo ana apikisane kupeza chiganizo chodzaza mpatawo. Ndi bwino kuyamba ndi zopepuka, monga "Kunja kwachita mitambo, choncho mvula igwa," kufikira ana atazolowera kufunsa ngati zinayamba zachitikapo kuti mitambo inachita koma mvula osagwa. Za phiri zibwere pambuyo, ndipo mosamala, pakuti m'sukulu za ku Nkhulambe ndi madera ena muli ana amene anataya abale awo mu 2023, ndipo namondweyo anapha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000 m'dziko lonse. Kwa ana otere nkwabwino kuyamba ndi thireyi ya mchenga wosakaniza ndi timiyala, yopendekeka pang'ono, ndi kuthira madzi pamalo amodzi kumtunda kwake katatu kapena kanayi. Asanathire kachiwiri, mphunzitsi afunse ana kuti aike kamtengo pamene akuti madzi safika, ndipo aliyense anene chifukwa chimene wasankhira pamenepo.